Tiripi si muyeso: werengani makiyubu musanaitane lole ya mchenga

Aliyense amene anayambapo kumanga nyumba amawadziwa mawu awa: "Abwana, apa pakufunika matiripi awiri a kwale ndi imodzi ya mchenga." Mmisiri amawanena akuyang'ana poloti, manja ali m'chiuno, ndipo mwini nyumba amangovomera, n'kuimbira foni mwini lole. Mwini lole nayenso safunsa zambiri. Amatchula mtengo wa tiripi, mumanenerera pang'ono, mumagwirizana. Pa anthu atatu onsewa palibe amene watchula kuti tiripi imodziyo muli mchenga wochuluka bwanji.

Apa ndiye pamayambira mikangano yambiri ya pamalo omanga. Tiripi ndi ulendo wa galimoto, basi. Kalole ka matani awiri kakabwera ndi tiripi. Tipa yaikulu ya mateyala khumi ikabwera ndi tiripinso, chonsecho yanyamula katundu woposa wa kaloleko kasanu ndi kawiri. Zili ngati mulu wa tomato pamsika: dzina ndi limodzi, koma kukula kwake kuli m'manja mwa wogulitsa. Mmisiri akamati matiripi awiri amakhala akuganiza za lole imene anaizolowera kumene anagwirako ntchito chaka chatha, pamene inu mwaitana ina.

Muyeso weniweni wa mchenga ndi miyala ndi kiyubiki mita, imene omanga amangoti kiyubu. Ndi bokosi lotalika mita imodzi, mulifupi mita imodzi, kuya mita imodzi. M'bokosi limenelo mumalowa malita 1,000, kutanthauza ndowa 50 za malita 20, kapena migolo isanu ya malita 200. Wilibala ya omanga yodzaza mosefa imatenga malita pafupifupi 65, choncho kiyubu imodzi ndi mawilibala 15 ndi pang'ono. Mukakhala ndi chithunzi chimenechi m'mutu, masamu otsalawo ndi a kupulaimale: kupeza makiyubu amene ntchito ikufuna, kupeza makiyubu amene lole imanyamula, kenako kugawa.

Titenge silabu ya nyumba imodzi

Tiyerekeze nyumba ya zipinda zogona zitatu, yotalika mamita 12, mulifupi mamita 10. Maziko atha, dothi lathiridwa n'kutsenderedwa, tsopano pakufunika konkire wa pansi wochindikala masentimita 10. Miyeso yonse itatu iyenera kukhala m'mamita musanachulukitse, ndiye masentimita 10 alembedwe 0.1. Anthu ambiri amaphonya pomwepa, n'kupeza yankho lokwanira kumanga bwalo la ndege. Tikachulukitsa 12 ndi 10 ndi 0.1 tipeza makiyubu 12 a konkire.

Koma simugula konkire. Mugula simenti, mchenga ndi miyala payokhapayokha, ndipo zinthu zimenezi zikasakanizidwa ndi madzi zimachepa. Chifukwa chake n'choonekeratu mukayang'ana mulu wa kwale: pakati pa miyala pali mipata. Mchenga umalowa m'mipata ya miyalayo, simenti n'kulowa m'mipata ya mchenga. Mukathira mawilibala anayi a miyala, awiri a mchenga ndi imodzi ya simenti, simupeza mawilibala asanu ndi awiri a konkire. Mupeza anayi ndi theka. Pa chifukwa chimenechi, owerengera za zomangamanga amachulukitsa makiyubu a konkire ndi 1.54 kuti apeze kuchuluka kwa zipangizo zouma. Makiyubu athu 12 asanduka 18.5.

Tinene kuti mmisiri asakaniza gawo limodzi la simenti, awiri a mchenga ndi anayi a miyala, msakanizo wodziwika wa 1:2:4. Magawo onse ndi asanu ndi awiri, ndipo 18.5 kugawa ndi 7 ndi 2.64. Mchenga ndi magawo awiri, makiyubu 5.3. Miyala ndi magawo anayi, makiyubu 10.6. Simenti ndi makiyubu 2.64, ndipo poti thumba la makilogalamu 50 ndi malita pafupifupi 35, pafunika matumba 76 kapena kuyandikira pamenepo. Msakanizo ukasintha, manambalawa asinthanso, choncho funsani mmisiri kapena injiniya wanu kuti akugwiritsa ntchito uti musanayambe kuwerenga.

Taonani chinthu chimodzi chothandiza kukumbukira: miyala yofunika imatsala pang'ono kufanana ndi konkire yense. Pa kiyubu iliyonse ya konkire wa mtundu umenewu pamalowa miyala 0.88 ndi mchenga 0.44. Munthu akakuuzani kuti silabu ya makiyubu 12 itha ndi makiyubu 6 a kwale, mwina akufuna kudzaza mchenga wambiri, ndipo konkire woteroyo amafooka pokhapokha awonjezere simenti.

Manambala amenewa ndi a papepala, pomwe pansi sipakhala posalala ngati tebulo. Dothi lotsenderedwa ndi manja limakhala ndi zigwa ndi zitunda. Ngati silabu ichindikala ndi sentimita imodzi yokha kuposa mmene munaganizira, pa malo a masikweya mita 120 mwawonjezera makiyubu 1.2 a konkire, gawo limodzi mwa magawo khumi a ntchito yonse. Komanso pansi pa mulu uliwonse pamatsala mchenga ndi miyala yosakanikirana ndi dothi, imene mmisiri wabwino saithira mu konkire. Mvula imakokolako wina, ana a m'mudzi amaseweretsako wina, ndipo woyandikana naye amene akukonza sitepe yake amadzapemphako wilibala imodzi, mwina osapempha n'komwe. Kuwonjezera 10 pa 100 aliwonse n'kwanzeru. Tsopano tili ndi mchenga makiyubu 5.8 ndi miyala makiyubu 11.6.

Matani si makiyubu

Mbali imene imadyetsa anthu ndalama kwambiri ndi ya lole. Malole athu timawatchula ndi matani: ya matani awiri, ya matani atatu, ya matani asanu ndi awiri. Tani ndi kulemera, makilogalamu 1,000. Kiyubu ndi kukula kwa malo. Ziwirizi zimafanana pa madzi okha, chifukwa kiyubu imodzi ya madzi imalemera tani imodzi. Miyala ya kwale ndi yolemera kuposa madzi: kiyubu imodzi imalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka, kusiyanako pang'ono malinga ndi mtundu wa mwala ndi kukula kwa tizidutswa. Mchenga wouma nawo uli chapomwepo, pakati pa matani 1.5 ndi 1.6.

Ndiye lole ya matani 7, ikanyamula molingana ndi mphamvu yake, imabweretsa 7 kugawa ndi 1.5, makiyubu pafupifupi 4.7 a miyala. Osati 7.

Tione zimene zimachitika kwa munthu amene sanadziwe zimenezi. Iye wagawa 11.6 ndi 7, wapeza 1.7, waitanitsa matiripi awiri, ndipo mumtima akuti kutsalanso ina ya khonde. Zimene zafika ndi makiyubu 9.3. Tsiku lothira silabu, aganyu afika m'mamawa, madzi atungidwa, simenti yatsegulidwa. Miyala ya makiyubu 9.3 ikwanira konkire wa makiyubu 10.6, ndiye chakumadzulo mulu utha patatsala malo a masikweya mita 14, chipinda chathunthu chogona. Mwini lole sangabwere mpaka mawa kapena mkuja. Konkire wa dzulo akauma, wa lero sagwirana naye bwino, ndipo pamzere pamene akumanirana ndi pamene mng'alu ndi chinyontho zimakonda kudzera. Kuwonjezera apo, aganyu alipidwanso tsiku lina. Akanagawa 11.6 ndi 4.7 akanapeza 2.5, n'kuitanitsa matiripi atatu. Yankho likakhala ndi kachidutswa, nthawi zonse timakweza m'mwamba, chifukwa lole siyenda theka la ulendo ndipo mafuta ake ndi omwewo.

Njira yodalirika kuposa kufunsa matani ndi kukwera pa lole ndi tepi. Yezani mkati mwa bodi: kutalika, mulifupi, ndi kuya kufika pamene katundu amalekezera. Chulukitsani zitatuzo. Kalole ka matani awiri kakhoza kukhala ndi bodi ya mamita 3.1 kutalika, 1.6 mulifupi ndi 0.4 kuya, zimene zikupereka makiyubu pafupifupi 2. Apa pali msampha wina. Makiyubu 2 a miyala ndi matani 3, chonsecho kaloleko kanapangidwira matani 2. Dalaivala wosamala galimoto yake sadzaza bodi. Amanyamula makiyubu 1.3 kapena kupitirirako pang'ono. Wina wofuna kukusangalatsani amadzaza, n'kumayenda masipuling'i atagona, mabuleki akuvutika pamtsetse. Choncho lole iliyonse ili ndi malire awiri, a bodi ndi a kulemera, ndipo muyenera kuwerengera malire amene ali ochepa. Pa kalole kathu, 11.6 kugawa ndi 1.3 ndi matiripi 9, pamene munthu wongoyeza bodi akanaganiza kuti ndi 6.

Malole a bodi yaitali amene kale ankanyamula fodya kapena chimanga ndiwo amanyenga maso kwambiri. Bodi ndi yaikulu, ndipo mchenga wokwanira matani ake umangoyala pansi, osafika n'komwe pakati pa zitseko za m'mbali. Mwini nyumba akaona zimenezi amati wabedwa, pamene dalaivala sanalakwe. Tipa ndi yosiyana, chifukwa bodi yake inapangidwira katundu wolemera wotere, ndipo eni ake ambiri amaitchula ndi makiyubu. Komabe yezani. Tipa ya mamita 4.8 kutalika, 2.3 mulifupi ndi 0.9 kuya ili ndi makiyubu 9.9, imene amaitcha ya makiyubu 10. Ina imene ikutchedwanso choncho ikhoza kutuluka 8 mukaiika tepi.

Ndi tipa ya makiyubu 10, miyala yathu ya 11.6 ikupereka 1.16, ndiye kuti matiripi awiri, koma yachiwiriyo ikubweretserani makiyubu oposa 8 amene silabu siikuwafuna. Apa masamu alekeza, nzeru zanu zipitirize. Ngati kutsogoloku kuli bimu ya pamwamba pa mawindo, khonde ndi chivindikiro cha dzenje la chimbudzi, tengani matiripi awiriwo; miyala siwola. Ngati ndalama zili zochepa, tengani tipa imodzi, zotsalazo mubweretse ndi kalole kawiri. Yang'ananinso msewu. Tipa yodzaza yanyamula matani 15 kuwonjezera pa kulemera kwake komwe, ndipo m'malo atsopano a m'mphepete mwa Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu, kumene misewu idakali yafumbi ndipo timilatho ndi ta anthu odzipangira, galimoto yotere nthawi ya dzinja imatitimira. Ikatsitsa katundu patali ndi poloti, zimene munapulumutsa pa mtengo zithera kwa anyamata okankha mawilibala 150.

Poyerekeza mitengo, musayerekeze tiripi ndi tiripi. Gawani mtengo ndi makiyubu. Mwachitsanzo chabe, ngati kalole kakulipiritsa K60,000 pa makiyubu 1.3, kiyubu imodzi yakudyerani K46,000 ndi pang'ono. Ngati tipa ikuti K350,000 pa makiyubu 10, kiyubu ndi K35,000. Mtengo umene umamveka wochepa pafoni ndi umene watuluka wokwera.

Mchenga uli ndi khalidwe lake

Miyala imakhala chimodzimodzi kaya kwagwa mvula kaya ayi. Mchenga ayi. Ukakhala wachinyezi, madzi ochepawo amakuta kanjere kalikonse n'kutalikitsa tinjere, ndipo mulu wonse umafufuma. Mchenga wosalala umafufuma kwambiri kuposa wokhakhala, ndipo kufufumako kumatha kufika gawo limodzi mwa magawo anayi, nthawi zina kupitirira. Ukanyowa kotheratu mpaka madzi kudontha, umabwereranso pafupi ndi msinkhu wake wouma, koma tsopano walemera, kiyubu imodzi kuyandikira matani awiri. Ndiye wogula ndi makiyubu amaluza pa mchenga wachinyezi, poti gawo lina la bodi ndi mpweya, ndipo wogula ndi matani amaluza pa mchenga wodontha, poti akulipira madzi a mumtsinje.

Kufufumaku mungakuyeze nokha ndi botolo loonekera mkati, la m'mbali mowongoka, lodulidwa kukamwa. Thiranimo mchenga wochokera pa lole osautsendera, kufika masentimita 20. Thirani madzi mpaka aumize, vundulani ndi kamtengo, dikirani ukhazikike. Ukatsika kufika pa 16, ndiye kuti masentimita 4 anali kufufuma, ndipo 4 pa 16 ndi gawo limodzi mwa anayi. Zikatero, makiyubu 5.8 amene tinawerenga aja akufuna makiyubu oposa 7 a mchenga wachinyeziwo. Pa lole ya matani 7 ndi matiripi awiri ndithu, osati imodzi imene mmisiri ananena. Mmisirinso ayenera kudziwa zimenezi posakaniza, chifukwa mawilibala awiri a mchenga wofufuma si mawilibala awiri enieni.

Botolo lomwelo mukalisiya maola angapo likuuzaninso china. Pamwamba pa mchenga pamakhala kamzere ka matope. Kakapitirira sentimita imodzi pa mchenga wa masentimita 16, mchengawo ndi wakuda, ndipo sukuyenera konkire usanatsukidwe. Izi zimachitika kawirikawiri ndi mchenga wa kudambo, umene amisiri amaukonda pomangira njerwa ndi pulasitala chifukwa umamata bwino. Wa konkire ndi wa kumtsinje, wokhakhala. Awiriwa awerengedwe padera, aliyense matiripi ake.

Za dothi kapena miyala yothira mkati mwa maziko, lamulo ndi lomwelo koma chifukwa chake n'china: zimene zafika pa lole ndi zomasuka, ndipo zikatsenderedwa zimatsika. Ngati malo a masikweya mita 120 akufuna kukwezedwa ndi masentimita 15, papepala ndi makiyubu 18, koma itanitsani 22 kapena 23.

Lole ikafika pa poloti

Masamu onsewa sathandiza ngati katundu atsitsidwa inu kulibe, kapena mulipo koma mwangoima patali. Nthawi yoyeza ndi pamene mchenga udakali m'bodi. Okweza amadziwa kuunjika pakati kuti nsonga ionekere pamwamba pa zitseko, m'makona muli mopanda kanthu. Nsongayo imakondweretsa maso koma ili ndi katundu wochepa: mulu wosongoka umatenga gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a chimene chikanalowa mu mgolo wa tsinde ndi msinkhu womwewo. Pemphani mnyamata asalaze ndi fosholo, kenako lowetsani chitsulo cha waya wa konkire mpaka pansi, pakati ndi m'makona onse anayi, muone kuya kwake.

Masentimita ochepa apa ndi ndalama zambiri. Pansi pa tipa ija ndi masikweya mita 11, choncho katundu akaperewera masentimita 10 okha kuchokera pamlomo, mwataya makiyubu 1.1, mawilibala 17. Pa matiripi asanu ndi anayi otere mwalipira tiripi yathunthu imene sinabwere.

Dalaivala adzakuuzani kuti, "Bwana, pochoka kumtsinje inali yodzaza, yatsika ndi mabampu." Sakunama kwenikweni. Katundu womasuka amakhazikika akagwedezeka pamsewu, makamaka mchenga wachinyezi. N'chifukwa chake mgwirizano uyenera kunena poyamba kuti muyeso ndi wa pofika, osati wa pochoka. Kumakampani ophwanya miyala kumene kuli sikelo ya magalimoto, nkhani ndi yosavuta: lole imayezedwa yopanda kanthu ndiponso itadzaza, ndipo pamatuluka tikiti yoonetsa matani. Funsani tikitiyo, onani ngati tsiku ndi nambala ya galimoto zikugwirizana, gawani matani ndi 1.5, mwapeza makiyubu anu. Amayi ndi abambo ophwanya miyala ndi hamala m'mbali mwa msewu amagulitsa ndi wilibala kapena ndowa, ndipo kumeneko muwerenge mawilibala 15 pa kiyubu, mutaona kaye kuti wilibalayo ndi yaikulu bwanji.

Nanga mukapeza atatsitsa kale? Mulu wozungulira, wosongoka, mungauyerekeze ndi chingwe. Zungulizani chingwe m'tsinde mwake, muyeze kutalika kwa chingwecho, muyezenso msinkhu wa mulu poimika ndodo pambali. Chulukitsani muyeso wa chingwe ndi iwo wokha, muchulukitsenso ndi msinkhu, mugawe ndi 38. Chingwe cha mamita 16 ndi msinkhu wa 1.5 zikupereka makiyubu 10. Chingwe cha mamita 14 ndi msinkhu wa 1.3 zikupereka 6.7, ngakhale milu iwiriyi siisiyana kwambiri poiona ndi maso. Njira imeneyi ndi yoyerekeza chabe, chifukwa tipa imatsitsa ikuyenda pang'ono ndipo mulu umatalika mbali imodzi, koma imakwanira kukuuzani ngati pali chifukwa choimbira foni mwini lole.

Ine ndimaona kuti eni malole ambiri si akuba. Amangogulitsa mwa njira imene ogula aizolowera, ndipo wogula wosafunsa amalandira chimene chabwera. Amene mwamuyeza bodi kamodzi pamaso pake amadziwa kuti tiripi yotsatira muyezanso. Mukapeza lole imene mwaiyeza, lembani nambala yake ndi makiyubu ake m'kope la zomangira, ndipo muuze mwini wake kuti abweretse yomweyo mpaka ntchito ithe. Akasintha galimoto, tengani tepi muyezenso katundu asanatsitsidwe, ndipo ndalama muzipereka mutatha kuyeza.